Kalata yoyamba kwa opanga mabotolo: kupempha sampulo ndi kufunsa oda yochepetsetsa

Mayi wina wa ku Mchinji wandilembera motere:

"Ndimapanga chiponde ndipo ndimagulitsa mabotolo pafupifupi 300 pamwezi. Mabotolowo ndimagula ku Lilongwe, koma mwezi uno amabwera a mtundu uwu, mwezi wamawa a mtundu wina. Ndapeza kampani ina ya ku Joni yopanga mabotolo. Ndinawalembera kuti anditumizire mitengo yawo, koma patha masabata awiri kuli zii. Ndilembe bwanji kuti anditumizire sampulo ndi kundiuza oda yochepa imene amalola? Ndikuopa kuti akamva 300 andiseka."

Amayi, zikomo polemba. Kuseka sangakusekeni. Ndikuganiza kuti chimene chinawakhalitsa chete ndi mawu aja oti "mitengo yanu". Kampani yotero imakhala ndi mabotolo a mitundu yambirimbiri: a mafuta odzola, a zakumwa, a mankhwala a m'munda. Munthu amene amatsegula maimelo m'mawa akaona kalata yosanena botolo lake, kuchuluka kwake ndi kumene likupita, ayenera kuyamba wakufunsani mafunso asanu asanawerengere kalikonse. Ndiye amaiika pambali kuti adzaiona mawa, n'kuyamba ndi ya munthu amene walemba manambala. Kalata yanu yoyamba izikhala yoti iye angathe kuiyankha nthawi yomweyo, osakufunsani kanthu.

Musanagwire foni, tengani botolo limene mumalikonda mwa amene muli nawo, rula ndi sikelo. Yezani kutalika kwake, kunenepa kwake, ndiponso kukula kwa kukamwa kwake m'mamilimita. Kukamwaku n'kumene kumasankha chivindikiro, ndipo m'makatalogi mudzaona manambala ngati 63, 70 kapena 89. Pa chiponde ine ndingasankhe 70 kupita m'tsogolo, kuti supuni izilowa mpaka pansi popanda kudetsa zala. Kenako samalani ndi ichi: inu mumagulitsa ndi magalamu, iwo amagulitsa ndi mamililita. Chiponde cha magalamu 400 chimatenga malo a mamililita pafupifupi 370. Mukangolemba kuti "botolo la 400" akhoza kukupatsani la mamililita 400, ndipo chiponde chanu chizioneka ngati mwabako pamwamba. Uchi ndiye umalemera kwambiri: magalamu 500 amakwana m'mamililita pafupifupi 360. N'chifukwa chake m'kalata mumatchula chinthu chimene mudzathiremo, kulemera kwake, n'kuwasiyira iwo kuti akuuzeni botolo loyenera.

Muwauzenso kuti mumathira chiponde chikadali chotentha kapena chitazizira. Mabotolo oonekera mkati aja nthawi zambiri ndi a pulasitiki ya PET, imene imayamba kufewa kutentha kukadutsa madigiri 60. Ine zinandionekera ndikuyamba kumene. Ndinaoda mabotolo kwa kampani ina pongoona chithunzi, sindinapemphe sampulo poopa ndalama yotumizira. Tsiku loyamba tinathira chiponde changochoka pamakina, chikutentha. Mmene tinkamaliza mzere wachiwiri, a mzere woyamba anali atapindika m'chiuno, ndipo zivindikiro zinkangozungulira osagwira. Nditadandaula anandifunsa funso limodzi: munatiuza kuti muthira zotentha? Ndinalibe poyankha.

Tsopano za oda yochepetsetsa. Pa makoteshoni mudzaona zilembo zitatu izi, MOQ, kutanthauza nambala yotsikitsitsa imene angakugulitseni pa ulendo umodzi. Nambalayi si mwano ayi. Kuti apange botolo la mtundu wanu ayenera kuimitsa makina, kuchotsa chikombole chimene chinalipo, kumanga china, kenako kutaya mabotolo oyamba amene amatuluka opunduka. Akasintha utoto wa zivindikiro, ayenera kutsuka utoto wakale m'makinamo. Ntchito yonseyo ndi imodzimodzi kaya apange 500 kaya 50,000, choncho amaika malire oti asaluze.

Mukamvetsa zimenezo, mudziwa kafunsidwe kake. Musangofunsa kuti "oda yochepa ndi ingati?" chifukwa yankho lake silikhala limodzi. Botolo lili ndi nambala yake, chivindikiro chili ndi yake, ndipo utoto uliwonse wa chivindikiro uli ndi yakenso. Zimene amapanga tsiku ndi tsiku n'kusunga m'nyumba yosungiramo katundu, monga botolo loonekera ndi chivindikiro choyera, kawirikawiri amalola kugulitsa pa makatoni kapena pa paleti imodzi, ndilo thandala losanjikizapo makatoni. Koma mukafuna chivindikiro chachikasu chofanana ndi lebulo yanu, nambala imalumpha, poti ayenera kukupangirani inu nokha. Funsani zonse ziwiri. Ulendo woyamba tengani choyera, kukongola kusiyireni lebulo.

Ndipo musaname za kukula kwa bizinesi yanu. Ndimaona anthu akulemba kuti azidzaoda 20,000 mwezi uliwonse poganiza kuti awapatsa ulemu. Amapatsidwadi mtengo wa 20,000, ndipo tsiku looda 2,000 mtengo umasintha, kukhulupirirana n'kuthera pomwepo. Nenani za 300 zanuzo, koma muziwerengere pachaka: ndi mabotolo 3,600. Kenako pemphani mtengo pa masitepe atatu, 1,000, 3,000 ndi 5,000. Mukatero mumaona pamene mtengo ukugwera, ndipo iwo amaona kuti mukudziwa chimene mukuchita.

Tiyerekeze kuti ayankha kuti sagulitsa ochepera 5,000. Gawani ndi 300: ndi katundu wa miyezi pafupifupi 17. Ndalama yanu yonse igona m'mabotolo opanda kanthu pamene nyengo yogula mtedza ikudutsa. Onaninso malo. Botolo lonenepa masentimita 7.5, lotalika masentimita 10, likakhala m'katoni limadya malo a 7.5 kuchulukitsa ndi 7.5 kuchulukitsa ndi 10, ndiwo makiyubiki sentimita pafupifupi 560. Mabotolo 5,000 ndiye kuti makiyubiki mita 2.8, ngodya yathunthu ya kachipinda kogona. Mabotolo salemera, koma a mathiraki amalipiritsa katundu wotere poona malo amene watenga. Mukunyamula mpweya kuchokera ku Joni, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza. N'chifukwa chake m'kalata yoyamba yomweyo mufunse kuti m'katoni mumalowa angati, katoniyo ndi yaikulu bwanji, imalemera bwanji. Popanda manambala amenewo wa thiraki sangakuuzeni mtengo, ndipo inu simungadziwe kuti botolo limodzi lifika ku Mchinji pa ndalama zingati. Funsaninso ngati mtengo wawo uli wa EXW, kutanthauza kuti mukatenge nokha pageti la fakitale, zonse za panjira n'zanu.

Nayi kalata imene ndingalembe ndikanakhala inu. Ndaiika m'Chichewa kuti tigwirizane mfundo. Mukaitembenuze m'Chingerezi chosavuta, cha ziganizo zifupizifupi, popanda moni wa ndime yathunthu wofunsa za kunyumba. Pamutu pa imelo musalembe "Moni" kapena "Funso". Lembani kuti: Pempho la sampulo ndi MOQ, botolo la PET la chiponde cha magalamu 400, Malawi.

> Zikomo. Ndine mwini wa kabizinesi kopanga chiponde ku Mchinji, ku Malawi. Timagwiritsa ntchito mabotolo pafupifupi 3,600 pachaka, ndipo tikufuna kampani imodzi yoti tizigulako nthawi zonse.
>
> Tikufuna botolo la PET loonekera mkati, loyenera kusungiramo chakudya, lokwana chiponde cha magalamu 400, kukamwa kwa mamilimita 70 kapena kuyandikira pamenepo, ndi chivindikiro choyera chopotokola chokhala ndi kapepala komatira mkati. Timathira chiponde chitazizira. Ndaphatikiza chithunzi cha botolo limene tikugwiritsa ntchito pano, lili pafupi ndi rula.
>
> Chonde tiuzeni izi:
> 1. MOQ ya botolo ndi ya chivindikiro, pa zimene muli nazo kale ndi pa utoto wochita kupangitsa.
> 2. Mtengo wa botolo limodzi ndi chivindikiro chake pa 1,000, 3,000 ndi 5,000, m'marandi, ndipo ngati uli wa EXW.
> 3. Kuchuluka kwa mabotolo m'katoni, kukula kwa katoni ndi kulemera kwake.
> 4. Masiku amene amatenga kuchokera tsiku lolipira mpaka katundu kukhala wokonzeka, ndi kalipiridwe kanu.
> 5. Ngati mumapereka chikalata cha SADC chosonyeza dziko limene katundu wapangidwa, ndi chikalata chotsimikizira kuti pulasitikiyo ndi yoyenera chakudya.
>
> Tikupempha sampulo zisanu za botolo ndi chivindikiro chake. Ndalama yotumizira tilipira ife. Tiuzeni kuti ndi zingati, kapena titume munthu adzatenge. Tikufuna kusankha kampani pofika kumapeto kwa mwezi uno.

Pansi pake muike dzina lanu, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni yoyamba ndi +265.

Chiganizo choti ndalama yotumizira mulipira nokha ndicho chimatsegula chitseko. Mabotolo asanu kwa iwo ndi kanthu kochepa. Chimene safuna n'kulipirira phukusi lodutsa malire kupita kwa munthu amene mwina sadzagula. Ngati muli ndi m'bale ku Joni, akhoza kukatenga n'kupatsira wa basi. Za chikalata cha SADC chija, chimathandiza kuchepetsa msonkho wa pachipata, choncho funsani ejenti wanu woombola katundu musanaode. Ndipo mukafika polipira, banki idzafuna invoisi yoyambirira ya kampaniyo kuti ikupatseni ndalama zakunja, zimene masiku ano sizipezeka tsiku lomwelo. Dzina la akaunti lifanane ndi dzina la kampani. Akakuuzani kuti mulipire ku akaunti ya munthu, imani kaye muimbe foni.

Bwanji zisanu osati imodzi? Chifukwa sampulo si yoyang'ana, ndi yozunza. Botolo loyamba thiranimo magalamu 400 pasikelo, muone mpata wotsala pamwamba. Botolo lachiwiri lidzazeni, litsekeni, muligoneke chozondotsa pa pepala loyera kwa sabata yathunthu pamalo ofunda. Mafuta a chiponde amapeza njira pamene madzi sangadutse, ndipo kadontho kamodzi papepalapo kakuuzani zonse. Botolo lachitatu matanipo lebulo yanu muone ngati ikugona bwino popanda makwinya. Botolo lachinayi ligwetseni lodzaza kuchokera patebulo kufika pasimenti. Kapepala ka mkati mwa chivindikiro mukaonetsetsenso: kena kamamatira kokha mukamanga chivindikiro, kena kamafuna makina otenthetsera, amene mwina mulibe. Botolo lachisanu musalikhudze. Lembanipo tsiku ndi nambala yake ya m'katalogi, mulisunge, kuti katundu akadzafika mudzakhale ndi chofanizira.

Kalata yomweyi itumizeni ku makampani atatu, kuphatikizapo opanga mapulasitiki a konkuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mukawerengera thiraki ndi msonkho, mwina a pafupi apambana. Pakatha masiku anayi a ntchito osayankhidwa, imbani foni, poti nthawi ya ku Joni ndi yathu n'chimodzimodzi, mufunse dzina la amene amaona za malonda a kunja n'kumutumizira iyeyo mwachindunji. Akakana kutsika pa 5,000, afunseni kuti ndani amagula kwa iwo n'kumagulitsa pa makatoni. Ambiri amakhala nawo anthu otero. Mungopewa kulemba pakati pa Disembala, chifukwa mafakitale ambiri a kumeneko amatseka mpaka kumayambiriro kwa Januwale.