Mafuta a kokonati: pa mtima ndi pakhungu

"Ndamva kuti mafuta a kokonati amateteza mtima komanso amasalalitsa khungu. Kodi n'zoona?"

Za mtima musazikhulupirire. M'mafuta amenewa, magawo oposa 80 pa 100 alionse ndi mtundu wa mafuta olimba, kuposa omwe ali mu bata, n'chifukwa chake amaundana kukazizira. Amakweza kolesterolo woipa wa LDL, yemwe amaunjikana m'mitsempha ya magazi. N'zoona kuti amakwezanso kolesterolo wa HDL, yemwe amatchedwa wabwino, ndipo otsatsa malonda amagwira pamenepo, koma palibe umboni woti zimenezi zimachepetsa matenda a mtima. Mu 2017 bungwe la ku America loona za matenda a mtima la American Heart Association linalangiza anthu kuti asamadye mafutawa. Taganizani: sipuni yaikulu imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 12 a mafuta olimba, pomwe bungweli limati munthu wodya makalori 2,000 patsiku asapitirire magalamu 13.

Pakhungu nkhani yake ili bwinoko. Amatchinga madzi kuti asatuluke m'khungu, motero amathandizadi khungu louma kapena lothetheka. Dzolani pang'ono mukangosamba, thupi lisanaumiretu. Koma kumaso samalani ngati mumatuluka ziphuphu, chifukwa amatseka timabowo ta khungu. Mukaona timatuza tatsopano kapena kuyabwa, asiyeni. Dzuwa satchinga mokwanira ayi.