Pa khadi alemba 3ª feira, nanga bwanji si Lachitatu?

*"Pa khadi la mwana kusikelo analemba kuti tibwere 3ª feira. Ine nditaona 3 ndinapita Lachitatu, koma anandiuza kuti tsiku langa linali dzulo. Mwana wanga wamkulu akuti vuto ndi loti sindisiyanitsa 'atatu' ndi 'lachitatu'. Kodi pali kusiyana kwanji? 3 si 3 basi?" Mayi wina wa ku Domwe, m'boma la Angoniya.*

Mayi, pepani ndi ulendo umene munayenda pachabe, mwana ali kumsana. Nambala munaiwerenga bwino, ndipo chimene chinakusokonezani chimasokoneza anthu ambiri kuno kwathu, kumene timalankhula Chichewa koma mapepala amabwera m'Chipwitikizi. Mwana wanuyo wakhudza pamene pali nkhani, ndiye tiyambire pomwepo.

Tiyerekeze kuti mwakumba mbatata ya kachewere ndipo mwaimika matumba asanu m'mbali mwa msewu. Wogula akati "ndipatseni matumba atatu", mutenga ena alionse, malinga akwane atatu. Akati "ndipatseni thumba lachitatu", akufuna thumba limodzi lokha, lija lili pamalo akutiakuti pamzerewo. Mawu akuti atatu akuyankha funso lakuti "angati?" Mawu akuti lachitatu akuyankha funso lakuti "liti?"

Tsono yesani izi. Sinthanitsani matumbawo, lakumapeto libwere kuno, lapakati lipite uko. Akadali asanu. Muwerenge kuchokera kumanja kapena kumanzere, muyambire pakati, asanu sasintha. Koma thumba lachiwiri likhoza kusintha ngakhale musanasunthe kanthu. Inu mukayambira kumanzere, wogula nayambira kumanja, limene inu mukuliti lachiwiri iye aliti lachinayi. Nonse mwawerenga molondola, mwangosiyana poyambira. Mawu onena malo pamzere alibe tanthauzo mpaka titagwirizana kuti woyamba ndani.

Chichewa chathu chimaonetsa kusiyanaku poyera, kungoti timalankhula osaganizako. Ponena kuchuluka, mutu wa nambala umatsata chinthu chowerengedwacho: ana awiri, mbuzi ziwiri, mitengo iwiri, tiana tiwiri. Ponena malo, pakati pamalowa *chi* amene sasuntha, ndipo kamawu kakutsogolo ndi kamene kamatsata chinthucho: mwana wachiwiri, mbuzi yachiwiri, thumba lachiwiri, chaka chachiwiri. Onaninso kuti dzina limakhala la chinthu chimodzi. Timati ana atatu, koma mwana wachitatu, chifukwa wachitatuyo ndi munthu mmodzi. Woyamba yekha ndiye sanatsate njirayi. Sitinena "mwana wachimodzi", timati woyamba, kuchokera ku mneni *kuyamba*, monga momwe womaliza achokera ku *kumaliza*. Ine izi zimandikondweretsa kwambiri, chifukwa chinenero chikuchita kutiuza chokha kuti mzere umakhalapo pokhapokha wina atayamba. *Chimodzi* uja amadzatulukira patsogolo, tikamati mwana wachisanu ndi chimodzi, pamene ponena kuchuluka timati ana asanu ndi mmodzi.

Tibwere ku khadi lanu. Mayina ambiri a masiku, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi momwe, ndi mawu onena malo pamzere. Lachiwiri ndi chidule cha "tsiku lachiwiri", n'chifukwa chake limayamba ndi *la*, potsata mawu akuti tsiku. Ife mzere wathu umayambira pa Lolemba, tsiku loyamba ntchito. Kenako Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, n'kufika Loweruka. Apwitikizi mayina awo anawatenga ku kawerengedwe ka mpingo wakale wa Chilatini, kamene kamaika Lamulungu patsogolo. Lamulungu likakhala loyamba, Lolemba limakhala lachiwiri, ndiye segunda imene timamva tsiku lililonse ija, pakuti segunda ndiko kuti "yachiwiri". Ndi nkhani ya matumba ija: mzere ndi umodzi, poyambira ndi posiyana.

Choncho 2ª feira ndi Lolemba, 3ª feira ndi Lachiwiri, 4ª feira ndi Lachitatu, 5ª feira ndi Lachinayi, ndipo 6ª feira ndi Lachisanu. Njira yachidule ndi iyi: pa nambala ya pa pepala la Chipwitikizi chotsanipo 1, yotsalayo ndiyo tsiku la Chichewa. Pa khadi lanu, 3 kuchotsa 1 patsala 2, ndiye Lachiwiri. Loweruka ndi Lamulungu savuta chifukwa alibe nambala m'zinenero zonse ziwiri. Ngati foni yanu ili m'Chipwitikizi, pa kalendala muona Seg, Ter, Qua, Qui, Sex, ndipo Seg ameneyo ndi Lolemba.

Kachilembo kakang'ono kali pamwamba pa nambalako musamakanyoze. Mukaona 3 yekha, kawirikawiri akunena kuchuluka kapena deti. Mukaona 3ª kapena 3º, akunena malo, ndipo kachilemboko kakugwira ntchito yomwe *chi* amagwira kwa ife. Pa pepala la kusukulu, 3ª classe ndi kalasi yachitatu, osati makalasi atatu. Apa musachotse 1 ayi, chifukwa makalasi tonse timayambira pamodzi. Kuchotsako ndi kwa masiku a sabata okha.

Pali msampha wina umene ndauona ukuyambanitsa anthu pa ganyu, ndipo muzu wake ndi womwewu. Munthu wapalira m'munda mwanu kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu, ndipo tinene kuti munapangana mametikali 200 pa tsiku. Mwini munda wofulumira masamu amati 5 kuchotsa 2 ndi 3, masiku atatu, mametikali 600. Waganyu amawerenga pa zala: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, masiku anayi, mametikali 800. Wolondola ndi waganyu. Mukachotsa 2, mwataya Lolemba ndi Lachiwiri lomwe, chonsecho Lachiwirilo munthu anagwira khasu. Pochoka pa mawu a malo kupita ku kuchuluka, ngati tsiku loyambira ndi lomalizira onse agwiridwa ntchito, chotsani kenako muwonjezere 1. Yesani ndi mayina a Chipwitikizi muone: kuyambira 3ª mpaka 6ª, 6 kuchotsa 3 ndi 3, kuwonjezera 1 ndi 4. Mayina asintha, koma masiku akadali anayi, chifukwa kuchuluka sikusamala kuti mzere unayambira pati.

Poti ndinu mayi woyenda kusikelo, ndikuchenjezeninso za mawu awiri ofanana kamvekedwe, kawiri ndi kachiwiri. Akati mwana amwe mankhwala kawiri pa tsiku, akunena kuchuluka kwa maulendo, awiri. Akati mubwere naye kachiwiri, akunena ulendo umodzi wotsatira woyamba uja. *Chi* yemwe uja ndi amene akusiyanitsa. Pa mankhwala, ngati simunamvetse, bwerezani mawuwo kwa namwino momwe mwamvera musanatuluke pakhomo, palibe chamanyazi.

Ulendo wina akamalemba tsiku pa khadi, apempheni alembenso deti ndi mwezi, osati dzina la tsiku lokha, chifukwa deti timaliwerenga mofanana m'zinenero zonse ziwiri. Mukatero mufunse pakamwa kuti "ndiye Lachingati limeneli?" Akayankha m'Chichewa, lembani nokha m'mbali mwa khadilo ndi pensulo.