Risiti imati wogula ndiye walipira msonkho, nanga bwanji phindu langa ndilo latsika?

"Ndili ndi shopu ku Limbe ndipo ndinalembetsa za VAT. A MRA amati ife timangotolera, wolipira ndi kasitomala. Koma nditaika msonkho pa mafuta odzola anthu anasiya kugula, mpaka ndinatsitsa mtengo. Pa zinthu ngati mababu amagetsi sanadandaule n'komwe. Kodi msonkhowu akulipira ndani kwenikweni?"

Mayi, a MRA akunena zoona kumbali ya lamulo, inunso mukunena zoona kumbali ya thumba. Lamulo limangosankha munthu woti akapereke ndalamayo ku Msonkho House. Silinganene kuti mtengo wa pa shelefu ukhale pati, ndipo mtengowo ndi umene umagawa katundu wa msonkho pakati pa inu ndi kasitomala. Amene angathe kuthawa msanga amasenza pang'ono. Amene alibe kolowera amasenza zambiri.

Akatswiri a zachuma kuthawaku amakutcha ilasitisiti. Ganizani za legeni: ina imatamuka mukangoikoka pang'ono, ina ndi yolimba ngati chingwe cha sisalo. Poyeza, timafunsa kuti mtengo ukasintha ndi 1 pa 100, kuchuluka kwa katundu kumasintha ndi zingati pa 100. Funsoli timalifunsa kawiri, kwa ogula ndi kwa ogulitsa, chifukwa wogulitsanso ali ndi njira yake yothawira: kusiya kuoda katunduyo n'kuika ndalama zake pa china.

Tiyeni tione ndi manambala ongoyerekeza. Bokosi la mababu likugulidwa K10,000, ndipo mashopu a mumsewu wanu onse pamodzi amagulitsa mabokosi 400 pa mwezi. Boma laika msonkho wa K1,000 pa bokosi lililonse. Patapita miyezi ingapo mtengo wakhazikika pa K10,750. Wogula akulipira K750 kuposa kale. Inu mukachotsa K1,000 ya boma mukutsala ndi K9,750, kutanthauza kuti mwataya K250. Pa risiti palembedwa K1,000 yonse ngati yachokera kwa kasitomala, koma gawo limodzi mwa magawo anayi latuluka m'thumba mwanu.

Chifukwa chiyani mtengo waima pa K10,750 osati pena? Malonda atsika kuchoka pa 400 kufika pa 385, kutsika kwa 3.75 pa 100. Kwa wogula mtengo wakwera ndi 7.5 pa 100, choncho ilasitisiti yake ndi 3.75 kugawa ndi 7.5, yomwe ndi 0.5. Babu likapsa, munthu sangagone mumdima, amagula basi. Kwa inu ogulitsa mtengo watsika ndi 2.5 pa 100 chabe, koma mwachepetsa katundu ndi 3.75 pa 100 yomweyo, choncho yanu ndi 1.5. Ndinu otamuka katatu kuposa ogula, ndipo iwo asenza katatu kuposa inu. Masamu ake ndi awa, pamene Es ndi ilasitisiti ya ogulitsa, Ed ya ogula:

```
gawo la wogula = Es / (Es + Ed)
1.5 / (1.5 + 0.5) = 0.75
```

Tsopano mafuta odzola aja. Mtsikana wobwera kudzagula botolo lonunkhira ali ndi njira zambiri. Angagule lamtundu wotchipa, angabwerere ku Vaseline, angadikire kutha kwa mwezi, kapena angatsike mumsika wa Limbe kwa mavenda amene sanalembetse za VAT. Tinene kuti Ed yake ndi 2. Inu makatoni munaoda kale, ali m'sitolo, ndalama yagona m'menemo, lendi ikudikira, ndipo mabotolo ali ndi tsiku lotha ntchito. Simungathawe. Tinene kuti Es yanu ndi 0.5. Gawo la wogula likhala 0.5 kugawa ndi 2.5, lomwe ndi 0.2. Pa msonkho wa K1,000 iye asenza K200, inu K800. Shopu ndi imodzimodzi, lamulo ndi lomwelo, risiti ikuoneka chimodzimodzi, koma apa mwini katundu wa msonkho ndinu.

Mfundo ya mavenda ija musaipeputse, chifukwa ndi imene imapweteka amalonda ambiri olembetsa mu Blantyre muno. Msonkho ukagwira aliyense wogulitsa chinthucho, wogula amafunika kusiya chinthucho kuti athawe. Ukagwira inu nokha, iye amangowoloka msewu. Katundu wolowa mozemba kuchokera ku Mozambique amachitanso zomwezo: amapatsa wogula khomo lina, Ed n'kukwera, msonkho n'kubwerera kwa amene akutsata lamulo. Ine izi zimandiwawa, chifukwa wolangidwa ndi amene akuchita zolondola.

Mwina wina angaganize kuti boma likanati wogula azikapereka yekha msonkhowo zinthu zikanasintha. Sizikanasintha. Wogula mababu wodziwa kuti akalipira K1,000 kwina angavomere kukupatsani K9,750 basi, ndipo zonse pamodzi zikanamudyera K10,750 yomwe ija. Dzina lolembedwa pa fomu silisuntha kanthu.

Chimene chimasuntha ndi nthawi. K800 ya pa mafuta odzola simudzaisenza mpaka kale. Makatoni akale akatha, mudzaoda ochepa, anzanu enanso chimodzimodzi, ena adzasiyiratu mzere umenewo. Es idzakwera, mabotolo adzachepa pa msika, mtengo udzakwera pang'onopang'ono, ndipo gawo lina lidzasamukira kwa ogula amene atsala. Alimi a tomato ku Bvumbwe amaidziwa bwino nkhaniyi: dengu lafika kale pa msika limagulitsidwa pa mtengo uliwonse dzuwa lisanaliwononge, koma chaka chamawa mlimi angadzale china. Ndiponso si inu ndi kasitomala nokha amene muli m'nkhaniyi. Mukauza wa holoselo kuti simutenganso pokhapokha atsitse, gawo la msonkho labwerera m'mbuyo kwa iye, mwina mpaka ku fakitale ndi antchito ake.

Kuti mudziwe gawo lanu lenileni, tengani buku la malonda. Lembani mtengo umene kasitomala ankalipira msonkho usanabwere, ndi umene akulipira patapita miyezi iwiri kapena itatu. Kusiyana kwake mugawe ndi msonkho wa pa chinthu chimodzi; yankho lake ndi gawo la kasitomala, ndipo chotsala ndi chanu. Kumbukirani kuti VAT imene munalipira pooda mumaichotsa pa imene mukupereka ku MRA, choncho poyerekeza phindu gwiritsani mitengo yopanda VAT mbali zonse ziwiri, apo ayi mudzadziwerengera msonkho kawiri.

Pali msampha umodzi waukulu. Kuno mitengo imakwera pa zifukwa zambiri nthawi imodzi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pafupifupi chilichonse chochokera kunja chinakwera, msonkho kapena ayi. Mu 2022 boma linachotsa VAT ya 16.5 pa 100 pa mafuta ophikira, koma inali nthawi imene mafutawo anali atakwera kwambiri pa msika wa dziko lonse, choncho kungoyang'ana mtengo wa pa shelefu sikukanakuuzani kuti kuchotsa msonkhoko kwapindulira ndani. Njira yake ndi kupeza katundu wina wofanana, woodedwa kumalo amodzimodzi, amene msonkho wake sunasinthe. Ngati iye wakwera ndi 10 pa 100 m'miyezi yomweyo ndipo wanu wakwera ndi 14, gawo lochokera ku msonkho ndi 4 yokhayo. Pa mafuta odzola, yesani zimenezi musanaodenso makatoni ena, ndipo muwerengenso mabotolo amene mukugulitsa pa sabata, chifukwa phindu la mabotolo amene simukugulitsanso silioneka pa risiti iliyonse, ndipo boma nalonso silinalandirepo kanthu.