Disiki ya seva yadzaza ndi zithunzi, ndigule malo otani?

Funso: Tili ndi situdiyo yojambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo makasitomala amaonera zithunzi zawo pa webusayiti yathu. Seva ndi imodzi, muli PostgreSQL ndi zithunzi za magigabayiti 500, disiki yatsala pang'ono kudzaza. Kumene timachita lendi seva akugulitsa Block Storage, File Storage ndi Object Storage. Ndigule iti? Palinso anyamata atatu amene amakonza zithunzi mu ofesi.

Yankho: Achimwene, musasankhe imodzi yoti muthiremo zonse. Katundu wanu ndi wamitundu itatu, ndipo chomwe chimamusiyanitsa si kukula kwake ayi, koma mmene amasinthidwira akalembedwa kale.

Tiyambe ndi detabesi. PostgreSQL imasunga zinthu m'timasamba ta makilobayiti 8, ndipo kasitomala akangosintha nambala ya foni, iyo imapita kukalemba pa kachigawo kakang'ono pakati pa fayilo yaikulu, n'kudikira disiki itsimikize kuti zalembekadi. Izi zimachitika kambirimbiri pa mphindi imodzi. Ntchito yotere ndi ya buloko, Block Storage ija. Buloko imaoneka kwa seva ngati hadi disiki yopanda kanthu, inu n'kuifomata ndi ext4 kapena XFS. Ku Amazon amaitcha EBS. Imayankha msanga, koma ili ndi malire ake. Nthawi zambiri imalumikizidwa ku seva imodzi yokha, ndipo mukakakamiza maseva awiri kulemba pa ext4 imodzi nthawi imodzi, deta imawonongeka chifukwa aliyense amaganiza kuti disikiyo ndi yake yekha. Komanso mumalipira malo onse amene mwaitanitsa, kaya mwathiramo kanthu kaya ayi, ndipo EBS imatheka kuikulitsa koma kuichepetsa sikutheka. Detabesi ya situdiyo ngati yanu kawirikawiri ndi yaing'ono, choncho ikangochoka pakati pa zithunzi, disiki yomwe muli nayo kale ikukwanirani.

Zithunzi zomalizidwa ndiye nkhani ina. Chithunzi cha ukwati mukachikweza kamodzi, sichisinthanso, anthu amangochiona ndi kuchitsitsa. Malo a zinthu zotere ndi obujekiti, Object Storage ija, monga S3 imene Amazon inayambitsa mu 2006, ndipo makampani ena ambiri amagulitsa zawo zolankhula chinenero chomwecho cha S3. Kagwiridwe kake kali ngati kusungitsa chikwama ku depoti: mumapereka chikwama chonse, amachilemba dzina, ndipo mukachifuna mumatchula dzinalo. Simungapisemo dzanja kuti musinthe malaya amodzi chili pa shelefu. Mukafuna kusintha kanthu, mumakweza chinthu chonsecho mwatsopano. Kwa chithunzi palibe vuto, koma kwa detabesi ndi tsoka.

Mafoda amene mumaona mu S3 si mafoda enieni. Dzina ngati `maukwati/2024/0153.jpg` ndi dzina limodzi lalitali basi, ndipo pulogalamu imangolionetsa ngati lili m'mafoda. N'chifukwa chake kusintha dzina la foda yokhala ndi zithunzi zambirimbiri kumachedwa, popeza chilichonse chimakopedwa ku dzina latsopano kenako chakalecho n'kufufutidwa. Ganizirani bwino mayina musanayambe kukweza.

Pa ndalama m'pamene kusiyana kumaonekera bwino. Pa mitengo imene Amazon yakhala ikulemba ya chigawo cha us-east-1, gigabayiti imodzi pa mwezi ndi madola 0.023 pa S3 Standard, 0.08 pa EBS ya mtundu wa gp3, ndi 0.30 pa EFS Standard, yomwe ndi ya mafayilo. Magigabayiti anu 500 akhala madola 11.50 pa obujekiti, 40 pa buloko, ndi 150 pa fayilo. Madola mmene akuvutira kupeza kunomu, kusiyana kumeneku si kochepa. Chigawo cha ku Cape Town, af-south-1, chili pafupi nafe koma mitengo yake ndi yokwererapo, ndiye muwerengere ndi mitengo ya kumene muli.

Pali mtengo wina umene umadzidzimutsa anthu: deta yotuluka. Kukweza zithunzi salipiritsa pa gigabayiti, koma makasitomala akamatsitsa, Amazon imawerengera pafupifupi madola 0.09 pa gigabayiti mukapyola gawo laulere. Ukwati umodzi wa magigabayiti 10, achibale 20 akautsitsa wonse, ndi magigabayiti 200, pafupifupi madola 18 ngati gawo laulere latha kale, kuposa mtengo wosungira zithunzi zonse mwezi wathunthu. Ndiye pa webusayiti muzionetsa tizithunzi tochepetsedwa, chachikulucho chizitsika munthu akachipempha yekha. Mungaonenso R2 ya Cloudflare, imene salipiritsa deta yotuluka.

Ku S3 ya Amazon zinthu zimasungidwa mu baketi, malo anu okhala ndi dzina lawolawo, ndipo kusamutsira zithunzi kumeneko n'kosavuta:

```
aws s3 sync /var/www/zithunzi s3://dzina-la-baketi/maukwati/
```

Intaneti ikaduka kapena magetsi akathima, mungoyendetsanso lamulo lomwelo, lidzakweza zokhazo zimene zatsala. Kenako pulogalamu yanu isinthidwe kuti mu detabesi muzikhala dzina la chithunzi lokha. Baketiyo isakhale yotsekukira aliyense, chifukwa zithunzi za anthu n'zachinsinsi. Pulogalamu izipanga linki yosainidwa imene imatha mphamvu pakapita nthawi, monga ola limodzi. Yatsaninso Versioning kuti chofufutidwa mwangozi chizibwezeka, koma muike lamulo lochotsa zakalezo pakapita masiku angapo, chifukwa nazonso zimalipiridwa. Musafufute zithunzi pa seva musanayerekeze chiwerengero cha mafayilo mbali zonse ziwiri ndi kutsegulako zingapo.

Chinthu chimodzi ndikuletseni. Pali kapulogalamu kotchedwa s3fs kamene kamachititsa baketi kuoneka ngati foda ya pa seva. Anthu amakakonda chifukwa safunika kusintha pulogalamu yawo, koma pansi pake ikadali obujekiti. Kusintha pang'ono fayilo yaikulu kumakhala kuikwezanso, ndipo kutsegula foda yodzaza kumatenga nthawi. Detabesi musaiike pamenepo ngakhale pang'ono.

Tsopano anyamata atatu aja. Iwo akufuna foda imodzi yoti onse aitsegule, kusintha fayilo, kuisunga, mnzake n'kuiona pompo. Imeneyi ndi ntchito ya malo a mafayilo, File Storage ija, amene amayenda ndi SMB pa Windows kapena NFS pa Linux, ndipo amadziwa za mafoda, zilolezo ndi kutseka fayilo wina akamaigwiritsa ntchito. Koma ine sindingakulangizeni kuti mugule ya pa intaneti. Mafayilo a RAW ndi a Photoshop ndi olemera, ndipo SMB imafunsana ndi seva kambirimbiri potsegula fayilo imodzi, choncho seva ikakhala kutali ntchito imakwawa. Doko la SMB la 445 nalonso si loti lizionekera pa intaneti. Gulani kabokosi ka NAS ka madisiki awiri olemba zofanana, mukaike mu ofesi pa waya wa netiweki, pamodzi ndi UPS yoti kazizima bwinobwino magetsi akapita. Ntchito ikatha, zomalizidwa zizikwera ku baketi usiku. Katalogi ya Lightroom Classic yokha izikhala pa kompyuta ya munthu aliyense, chifukwa pulogalamuyo sivomera kuitsegula kuchokera pa netiweki.

Musanagule kalikonse, onani kaye chimene chadzazadi disikiyo:

```
df -h
df -i
sudo du -sh /var/lib/postgresql /var/www/zithunzi /var/log
```

Ngati `df -h` ikusonyeza kuti malo alipo koma seva ikukana kulemba, yang'anani `df -i`. Ikafika pa 100%, vuto ndi kuchuluka kwa timafayilo ting'onoting'ono, kawirikawiri tizithunzi tochepetsedwa kapena timafayilo ta kanthawi tomwe pulogalamu sinafufute. Kuchotsa timeneto kukupatsani mpata wosamutsa zithunzi ku baketi modekha webusayiti ikugwirabe ntchito.