Mawu atsopano akukana kukhala pa mzere: yambani mwawongola pepala

"Bwana, fayilo ya mitengo ya saluni yanga inapita ndi laputopu yomwe inabedwa, chatsala ndi pepala la A4 lomata pakhoma. Ndalijambula pa foni kuti ndisinthe mitengo mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP koma zomwe ndikulembazo zikuoneka zopendekeka, ndikulakwitsa pati?"

Achemwali pepani kwambiri za laputopuyo. Chithunzi munatumizacho ndachiona, kulemba mukulemba bwino, chokhota ndi pepalalo, ndipo lakhota pawiri. M'mbali mwake mwatupa ngati mimba ya mtsuko chifukwa munayandikitsa foni kwambiri, imeneyo ndi ntchito ya galasi la kamera. Komanso pepala lili m'mwamba inu munajambulira m'munsi, ndiye kumutu kwachepa kumunsi kwatambalala.

Yambani ndi kutupako, ndipo chonde musadule chithunzi kaye, apa ndi pomwe ambiri amagwera. Kutupa kumayambira pakati penipeni pa galasi, GIMP imangotenga kuti pakati pa chithunzi ndi pomwepo, ndiye mukadula mbali imodzi pakati paja pasuntha, mukawongola kumanzere kumanja kukupindika, mutha tsiku lonse. Kokani mzere kuchokera pa rula ya kumanzere muuike m'mphepete mwa pepala kuti diso likhale ndi poyezera, kenako Filters > Distorts > Lens Distortion. Main muitsitse pansi pa ziro pang'onopang'ono, yesani -5, kenako -10, mpaka m'mphepetemo muwongoke ngati ulusi wa mmisiri. Mukaona mwayamba kulowa mkati ngati chiuno ndiye kuti mwapyola, bwererani. Zikatsalira kungodya zokha gwirani Edge pang'ono.

Apa m'mbali mwawongoka koma mukadali mopendama. Dinani Shift+P, pa Direction musankhe Corrective (Backward), mukoke ngodya zinayi za bokosi lomwe lioneke, iliyonse ikakhale ndendende pa ngodya ya pepala, kulitsani chithunzi poika, musamangoyerekeza. Dinani Transform. Tsopano ndi pomwe mungadule khoma lija.

Chinanso, pepala limatha kutuluka lonenepa kapena lowonda, muyang'ane chilembo O, chikaoneka chophwatalala ndi zomwezo. A4 ndi mamilimita 210 kwa 297, ndiye pa Image > Scale Image masulani katcheni kolumikiza Width ndi Height mulembe 2480 ndi 3508. Mukatero ikani mzere pansi pa mawu oti "Kuluka", ukhudze zilembo zonse mpaka pa mtengo wake, ukatero fufutani mtengo wakale mulembe watsopano.

Koma ngodya ya kumunsi ija yomwe yamatuka n'kupiringizika, izi siziikonza ayi, kumeneko lapindika ndi pepala lenilenilo. Ine ndikanakhala inu ndikanalimatula, kuligoneka patebulo pafupi ndi windo, kulipsinja ndi makobidi m'ngodya, n'kujambula foni ili kutaliko pa 2x yoyang'ana pakati pa pepala, osati 0.5x. Potumiza pa WhatsApp musankhe Document kuti manambala ang'onoang'ono asafufutike.