Kukumbutsa ndalama kwa munthu wamkulu ndi kwa mnzako

Agogo, ine ndimasoka ku Mbare, kuno ku Harare. Mayi ena achikulire, akwathu konkuno, omwe ali ndi sukulu ya mkaka ku Mufakose, adandisoketsa mayunifolomu 30 pa US$9 imodzi. Adapereka US$120, koma US$150 yotsalayo patha mwezi kuli zii. Mnzanga amene timasoka naye chipinda chimodzi nayenso adatenga nsalu yanga mamita 10, ya US$25. Ndiwalembere bwanji awiriwa osaoneka wamwano?

Mdzukulu wanga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ulembe ndithu. Thukuta ndi lako. Koma usalembe uthenga umodzi n'kuutumiza konsekonse monga achitira anzako ambiri pa WhatsApp. Pali zinthu zitatu zimene ziyenera kupezeka m'mauthenga onse awiri: kuchuluka kwa ndalama, tsiku limene ukuifuna, ndi njira yoiperekera. Zimenezi zisasunthe, kaya ukulembera mfumu kaya mnzako wodya naye mbale imodzi. Chosintha ndi malonje ndi kafikidwe basi.

Tiyambe ndi Mayiwo, poti apa m'pamene ana ambiri mumaterereka. Mumaopa kwambiri, ndiye mumadzaza uthenga ndi "pepani" mpaka ndalamayo osaitchula n'komwe. Mayi amawerenga, amaona ngati mwana akungowapatsa moni, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwe ulembe chonchi:

"Mwadzuka bwanji Mayi? Ndine mtsikana wanu wa telala wa ku Mbare uja. Ndikuthokozanso chifukwa cha ntchito ya mayunifolomu 30 imene ndidabweretsa pa 6 Januwale. Ndimati ndikukumbutseni za ndalama yotsala: yonse inali US$270, mudapereka US$120, ndiye patsala US$150. Ndikupempha kuti ngati n'kotheka ifike pofika Lachisanu pa 14 Febuluwale, pa EcoCash ya madola pa nambala yomweyi, kapena ndidzabwere kusukulu kudzatenga pamanja. Ngati mwatumiza kale, mundikhululukire, mungondiuza tsiku kuti ndiyang'ane. Zikomo kwambiri Mayi."

Taona mmene wayendera. Moni uli patsogolo, chifukwa munthu wamkulu sumufikira ndi nkhani usanamufunse mmene wadzukira. Ngati ukudziwa mfunda wawo, uwatchule nawo. Munthu amene wakalambira kuno ku Harare akamva mwana akumutchula mfunda, mtima umakhala pansi. Wadzitchulanso kuti ndiwe yani, osaganiza kuti nambala yako adaisunga. Mawu oti "ngongole" mulibemo. Ukati "ngongole yanu" wawaika Mayi m'gulu la anthu ozemba, pomwe "ndalama yotsala" ikungonena za ntchito imene sinamalizike kulipiridwa. Mulibenso "tumizani" kapena "ndipatseni". Ngakhale uike "-ni" kumapeto, kulamula ndi kulamula, ndipo mwana salamula mayi ake.

Chiganizo chomalizacho, cha "ngati mwatumiza kale", usachichotse. Ndi khomo limene ukuwasiyira kuti atulukirepo opanda manyazi. Mwinanso n'zoona: m'masukulu ang'onoang'onowa ndalama imagwiridwa ndi kalaliki kapena mwana wa mwini sukulu, ndipo Mayi akhoza kukhala atalamula kale, wina n'kuiwala.

Madolawo uwalembe kuti US$ nthawi zonse. Chiyambire ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, mu Epulo 2024, munthu akhoza kukupatsa ndalama ya kuno pa mtengo wosinthira umene iye waukonda, iwe pokagula nsalu m'tauni n'kupeza kuti waluza. Ukayamba kukangana ndi munthu wamkulu za mtengo wosinthira ndalama itatumizidwa kale, wooneka wamwano ndiwe. Ngati ZiG ungalandire, muyambe mwagwirizana kuti ndi zingati, zilembedwe mu uthenga.

China chimene ndikukuletsa ndi kudandaula za mavuto ako, zoti lendi yakwana, mwana wadwala, mwininyumba wakwiya. Ana mumayesa kuti ndi ulemu, koma zimasandutsa malipiro ako kukhala chithandizo, ndipo chithandizo munthu amapereka akafuna, mochuluka mmene wafunira. Udzalandira US$20 ndi mawu oti "gwirako kaye mwanawe". Uthengawu utumize m'mawa tsiku la ntchito, kwa iwo okha. Usautumize usiku, usauike m'gulu la kutchalitchi, ndipo mukakumana pamaliro kapena Lamulungu, uwapatse moni wokha. Mawu odula mwachidule ndi tizithunzi toseka tija usiyire anzako.

Yankho lawo lidzakuuza ngati walemba bwino. Akati "zikomo mwanawe, tilankhulana" osatchula tsiku, dziwa kuti nkhani sinagwire. Uyankhe mofatsa kuti, "Zikomo Mayi. Kodi ndiyembekezere Lachisanu lomwelo, kapena pali tsiku lina limene lingakukomereni?" Ukatero tsiku atchula okha, ndipo munthu wamkulu savutika kusunga tsiku lotuluka pakamwa pake. Koma akati "kodi ine ndathawa?", penapake mawu adalasa. Apo usaonjezere kulemba. Imba foni, upepese kafikidwe, koma ndalamayo uitchulenso momwemo, US$150, osachotsera ngakhale dola chifukwa cha manyazi. Lachisanulo likadutsa, Lolemba ulembe kachiwiri, mwachidule kuposa poyamba, ulemu uli womwewo. Kachitatu sulembanso, upite kusukuluko ndi kope lako la maoda, ndipo ngati alipo telala wachikulire amene Mayiwo amamudziwa, akuperekeze. Ungawapatsenso mpata wolipira kawiri, US$75 pakati pa mwezi ndi US$75 ina makolo akalipira fizi kumapeto.

Za mnzakoyo n'zachidule. Ukamulembera ngati mmene walembera Mayi, ndi "ndikupempha" ndi "mundikhululukire", adzadabwa kuti walakwa chiyani, poti dzulo lomweli mumabwerekana sizasi. Ulemu wochuluka pakati pa anthu ozolowerana umamveka ngati mkwiyo. Yamba wamuuza pakamwa muli awiri, makasitomala atatuluka, kenako ulembe kuti pakhale chokumbukira:

"Iwe, ya nsalu ija, mamita 10, ndi US$25. Ndikufuna ndikaode ina Loweruka m'mawa, ndiye undipatse pofika Lachisanu. Ngati ulibe yonse bweretsa US$15, US$10 inayo sabata yamawa."

Apa "undipatse" alibe vuto, ndipo kunena chimene ukufunira ndalamayo n'koyenera, chifukwa ntchito yanu ndi imodzi, iye akudziwa kuti makina opanda nsalu sabweretsa chakudya. Choopsa kwa mnzako ndi nthabwala. Ukalemba kuti "abwana mwatiiwalatu" ndi tinkhope toseka, naye adzayankha ndi tinkhope toseka, mwezi n'kuthanso. Seka naye nkhani zina, koma mzere wa ndalamawo ukhale woyera. Akanena kuti alibe chenje, poti madola ang'onoang'ono amavutadi m'tauni muno, umuuze atumize pa foni, ndipo mugwirizane kuti zodula potumiza alipira ndi iye.

Samalanso ngati mnzakoyo ndi wamkulu kwa iwe ngakhale mumasoka limodzi. Amene umamuitana kuti "achemwali" pocheza, umuitane choncho ndi pa ndalama pomwe: "Achemwali, ya nsalu ija ndi US$25, mundipatse pofika Lachisanu." Usakweze ulemu kapena kuutsitsa chifukwa choti lero mukukamba za ndalama. Ndipo nkhani ya Mayi a ku Mufakose usaikambe m'chipinda chosokeramo, chifukwa akwathu a ku Mbare ndi a ku Mufakose amakumana m'mabungwe a maliro, ndipo mawuwo akawafika Mayi lisanafike Lachisanu.