Yankho lolakwa lichokere m'makope a ana anu

Alangizi, ndikuphunzira zauphunzitsi ndipo teremu ino ndikuyeserera kuphunzitsa masamu a Fomu 1 pasukulu ina kuno ku Zomba. Ndinalemba mafunso 20 osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D. Ana anakhoza kwambiri, koma amene amandiyang'anira anati mayankho anga olakwa ndi oseketsa, ngakhale mwana wojomba akhoza kuwazindikira. Ndimawapeka ndekha usiku, ena ndimakopera m'mapepala a mayeso akale. Bambo anga akuti ndilimbike kuti ndikangomaliza ndikalowe ntchito yolemba mayeso ku MANEB. Ndikulakwitsa pati?
Wodandaula, ku Chinamwali

Aphunzitsi, kalata ngati yanuyi siisowa nyengo ino, ndipo matenda ake ndi amodzi: mukupeka zolakwa za ana muli nokha pa tebulo, makope awo ali mulu pakona osawatsegula. Inu masamu mumawadziwa, ndiye mutu wanu sungalakwe monga amalakwira mwana wa zaka 14. Mukapeka nokha mumangoika nambala iliyonse kuti mzere udzaze. Mwana akaikana nambala yoteroyo simuphunzirapo kanthu, ndipo ngakhale ataisankha simungadziwe chimene chinali m'mutu mwake.

Yambani musanaganize n'komwe za A, B, C ndi D. Lembani funsolo pabolodi lopanda mayankho, ana alisove m'makope, aonetse njira yonse. Mphindi khumi zikwana. Madzulo, pochonga, musathamangire kupereka malikisi. Tengani pepala lina, muzilemba yankho lililonse lolakwa limene mwakumana nalo, n'kumaika kamzere pambali pake likabweranso. Atatu amene ali ndi timizere tambiri ndiwo mayankho anu olakwa. Akulemberani ndi ana omwewo.

Titenge funso ili: 2/3 + 1/4. Yankho lolondola ndi 11/12, pakuti 2/3 ndi 8/12 ndipo 1/4 ndi 3/12. M'makope mudzapeza 3/7 wambiri. Mwana ameneyu waphatikiza manambala apamwamba okhaokha, 2 ndi 1, kenaka apansi okhaokha, 3 ndi 4. Kwa iye fulakishoni ndi manambala awiri osadziwana amene angosanjikizana. Mudzapezanso 3/12, ndipo uyu ndi mwana wina ndithu: akudziwa kuti apansi ayenera kufanana, wapeza 12 bwinobwino, koma apamwamba wawasiya momwe analiri n'kungowaphatikiza. Ali pafupi kufika. Wachitatu walemba 2/12 chifukwa wachulukitsa m'malo mophatikiza, malamulo awiri amusokonekera. Tsopano funso lanu laima chonchi: A ndi 2/12, B ndi 3/12, C ndi 3/7, D ndi 11/12, kuyambira nambala yaing'ono kufika yaikulu. Pambali pa yankho lolakwa lililonse, papepala lanu la inu nokha, lembani chiganizo chimodzi chonena kulakwa kumene kumabala yankholo. Mukalephera kulemba chiganizo chimenecho, yankholo lichotseni.

Mwina mukufunsa chifukwa chake sindinatenge 1/2 + 1/3, limene aphunzitsi ambiri amalikonda. Taonani: 1/2 kuchulukitsa ndi 1/3 ndi 1/6, ndipo 1/2 kuchotsera 1/3 ndi 1/6 yemweyo. Mwana akasankha 1/6 simudziwa ngati anachulukitsa kapena anachotsera. Manambala a m'funso muziwasankha mwadala kuti njira yolakwa iliyonse itulutse yankho lakelake, ndipo pasakhale njira yolakwa yofikitsa pa yankho lolondola. Yesani njira zonse ndi pensulo musanapereke mayeso. Pa 2/3 ndi 1/4 wochotsera amapeza 5/12, yosiyana ndi ena onse, ndipo isungeni, idzagwira ntchito.

Ana ochenjera amanunkhiza yankho popanda kusova, choncho musawasiyire fungo. Mayankho anayi akhale a mtundu umodzi: ngati lolondola ndi fulakishoni, onse akhale mafulakishoni, ngati lili m'masentimita, onse akhale m'masentimita. Pa mafunso a mawu, lolondola lisatalike kuposa anzake, chifukwa mphunzitsi amakonda kulikongoletsa n'kusiya enawo ali afupiafupi. Musamabise lolondola pa C nthawi zonse, ana amazindikira pofika sabata yachitatu. Ndipo "onsewa ndi olondola" musamalembe n'komwe. Mwana akangodziwa kuti awiri ndi olondola, yankho limeneli walipeza kwaulere.

Mayeso akalembedwa, ntchito imene ambiri amaithawa ndi yowerenga amene anasankha chilembo chilichonse. Tiyerekeze kuti kalasi yanu ili ndi ana 80, ndipo 3 asankha A, 21 asankha B, 30 asankha C, 26 asankha D. Amene angoyang'ana malikisi adzati ana 54 alakwa, abwereze mutu wonse. Inu muona zina. Ana 30 a C sakumvetsa tanthauzo la nambala yapansi, ndipo awa akufunika pepala lopinda magawo atatu ndi lina magawo asanu ndi awiri, aone ndi maso kuti 3/7 ndi yochepa kuposa 2/3 imene anayamba nayo, pamene kuphatikiza kumayenera kuonjezera. Ana 21 a B mungowakumbutsa kuti chimene wachita pansi uchitenso pamwamba, mphindi zochepa basi. Nanga A? Akatswiri a mayeso amati yankho lolakwa losankhidwa ndi ana osakwana 5 pa 100 alionse silikugwira ntchito. Pa ana 80 malire amenewa ndi ana 4, ndiye A wagwa. Ulendo wina muikepo 5/12 uja, muone ngati akoka.

Kenaka sanjani mapepala potsatira malikisi a mayeso onse, mutenge 22 apamwamba ndi 22 apansi, pafupifupi 27 pa 100 mbali iliyonse. Yankho lolakwa labwino limakoka ana apansi ambiri kuposa apamwamba. Mukaona kuti okhoza bwino ndiwo athamangira yankho limene inu mukuti n'lolakwa, musawadzudzule msanga. Kawirikawiri funsolo limamveka pawiri, kapena ndinu munalakwitsa polemba mayankho ochongera. Kumbukiraninso kuti pa mayankho anayi wongolota amakhoza kamodzi pa kanayi, choncho mwa ana 26 a D muli ena amwayi chabe. Funso limodzi si umboni wokwanira. Ikani mafunso atatu a mtundu womwewo, manambala osiyana, ndipo mwana amene wasankha yankho la "kuphatikiza apansi" katatu konse, ameneyo ndiye mwamugwira.

Za mapepala akale, kuwawerenga n'kwabwino, koma kungokopera ndi ulesi, ndikuuzeni poyera. Mayeso a dziko lonse cholinga chake n'kupereka magiredi, pamene anu a m'kalasi ndi oti akuuzeni chimene muphunzitse Lolemba.

Bambo anu muwauze mwaulemu kuti maofesi a MANEB kukhala mu Zomba momwemuno sikutanthauza kuti khomo latseguka. Kulemba mafunso a mayeso a dziko kumafuna munthu amene waima pabolodi zaka, wachonga makope mpaka kudziwa kulakwa kwa ana pamtima. Inu simunamalize ngakhale teremu imodzi. Komabe munafunsa m'malo mokwiya ndi amene anakudzudzulani, ndipo ambiri satero. Gulani kope limodzi lachikuto cholimba, tsamba lililonse mutu wake, muzilembamo yankho lolakwa, njira imene inalibala ndi chiwerengero cha ana amene analisankha. Pa mafunso 20 aja, sankhani asanu okha sabata ino, muwalembe pabolodi opanda A, B, C ndi D.